Fodya wa pachala: tsiku lomwe ndinalakwitsa chimasuliro ku Joni

Aphunzitsi anzanga, ndi inunso ana anga amene munadutsa m'manja mwanga zaka zapitazi: Ambiri mwa inu mukukumbukira cholembera changa chofiira chija, ndi m'mene ndinkakalipira mwana wa Fomu 4 akamasulira mawu limodzilimodzi ngati akutola mtedza. Lero ndabwera kudzaulula. Inenso ndinalakwitsapo chimasuliro, liwu limodzi lokha, ndipo panatsala pang'ono kuti mayi wina asaone nkhope ya mlongo wake komaliza.

Zinachitika Lachinayi pa 28 Disembala 2023, pa bwalo la ndege la OR Tambo ku Joni. Ndinapita kukadya Khirisimasi kwa mng'ono wanga. Popita ndinakwera basi, koma pobwerera iye anandimvera chisoni ataona m'mene miyendo inatupira, n'kundigulira tikiti ya ndege. Za malipiro a mphunzitsi mukuzidziwa, sindinakane.

Ndege yathu yopita ku Lilongwe imayenera kunyamuka m'mawa. Tinaonetsa mapasipoti, tinadinditsa, tinakhala pansi pa geti. Nthawi yokwera itakwana, pa sikirini panatuluka izi:

```
LILONGWE   DELAYED   NEXT INFO 14:30
```

Pafupi nane panakhala mayi wachikulire, wa zaka za m'ma 60, atavala duku ndi chitenje chakuda, atagwira kafoni m'manja. Anandiyang'ana kangapo, kenaka atamva ndikuyankhula Chichewa pa foni anasendera.

"Pepani bambo, inu ndi akwathu? Zikuti bwanji pamenepo?"

Anandiuza kuti kwawo ndi ku Ntcheu. Anabwera ku Joni kudzathandiza mwana wawo wamkazi amene anali m'chikuta. Lachiwiri analandira uthenga woti alongo awo akulu atisiya, ndipo abale anagwirizana zosunga thupi ku mochale mpaka Loweruka, kuti iwo afike. M'banja lawo lobadwa anthu asanu ndi awiri anatsala awiri okhawo. Mkamwini anawasiya pa khomo la bwalo la ndege n'kuthamangira ku ntchito, komwe saloledwa kukhala ndi foni. Sukulu analekera Sitandade 3. Ndinawauza kuti ndine mphunzitsi, ndipo kuchokera pamenepo ndinangokhala "aphunzitsi".

Liwu loyamba linali losavuta. DELAYED ndiye kuti ndege yachedwa, koma ulendo ulipo, tikiti yanu ikugwirabe ntchito, mpando wanu ndi womwewo, musachoke. Chimene chinasokoneza anthu ndi nambala ija. Mnyamata wina kumbuyo kwathu anali akuuza kale abale ake pa foni kuti tinyamuka hafu pasiti thu. Amayi aja atamva anafuna nawonso aimbe kumudzi. Ndinawaletsa. NEXT INFO 14:30 sikutanthauza kuti ndege inyamuka nthawi imeneyo ayi. Akungonena kuti ikamakwana hafu pasiti 2 koloko masana adzatiuzanso china, ndipo chinacho chikhoza kukhala chabwino kapena choipa. Ndinawauza kuti, "Amayi, ili ngati nthawi imene adokotala amati mubwerenso mudzamve zotsatira. Si nthawi yotuluka m'chipatala."

Pa nkhani ya nthawiyi ndionjezepo pang'ono. A ndege amawerenga maola mpaka 24, ndiye nambala ikapitirira 12 mumachotsapo 12 kuti mupeze nthawi yathu ya masana kapena usiku. Nthawi iliyonse yolembedwa pa tikiti ndi ya malo amene yalembedwerawo: yonyamukira ndi ya kumene mukunyamukira, yofikira ndi ya kumene mukukatera. Ife tinali ndi mwayi chifukwa wotchi ya ku Joni ndi ya kwathu ndi imodzi. Koma wodzera ku Nairobi kapena ku Addis Ababa akumbukire kuti kumeneko ali patsogolo ndi ola limodzi. Womasulira asamangonena nambala. Azinena kuti ndi m'mawa kapena madzulo, tsiku lanji, ndiponso pa wotchi ya kuti.

Itakwana 14:30 liwu lija linasintha, panabwera CANCELLED. Apa ndinasamala. M'mutu munabwera mawu oti "yaimitsidwa", koma ndinawakana, chifukwa chinthu choimitsidwa chimatha kuyambanso, ndipo munthu angathe kukhalabe pa benchi kudikira. Ndinati, "Ulendo wa lero walephereka. Ndege imeneyi kulibenso. Tikangokhala pano palibe amene atinyamule, tiyenera kukasankha chochita." Kusiyana kwa mawu awiriwa ndi kumeneku: loyamba likuti khalani, lachiwiri likuti dzukani.

Posakhalitsa mafoni athu onse analira. Unali uthenga wa kampani ya ndege. Unayamba ndi kupepesa, n'kunena kuti ulendo walephereka chifukwa cha "operational reasons". Amayi aja anafunsa kuti chavuta n'chiyani. Mawu amenewa ndi thumba lalikulu. Mukhoza kulowa ndege yowonongeka, ndege imene sinabwere kuchokera kumene inali, kapena oyendetsa amene maola awo ololedwa kugwira ntchito atha. Wina pa mzere anali atayamba kale kufalitsa zoti injini yapsa. Ine ndinangoti, "Akuti ndi zifukwa za kayendetsedwe ka ntchito yawo. Chenicheni sananene." Anandiyang'ana ngati ndawabisira kanthu, koma womasulira sayenera kudzaza dzenje limene mwini mawu walisiya dala.

Pansi pake panali njira zitatu zoti munthu asankhepo. Yoyamba, CONFIRMED pa ndege ya ku Lilongwe ya Loweruka pa 30. Yachiwiri, STANDBY pa ndege ya ku Lilongwe ya Lachisanu pa 29. Yachitatu, REFUND.

Ndinayambira pansi. Nditangoti "akhoza kukubwezerani ndalama zanu", nkhope yawo inawala, chifukwa kwa ife kubwezeredwa ndalama kumamveka ngati chilungamo chachitika. Ndinachita kuwagwira dzanja kuti amve zotsala. Ukalandira ndalama, pangano lako ndi kampani latha. Sakhalanso ndi udindo wokufikitsa kwanu, ndipo kawirikawiri za hotela ndi chakudya zimathera pomwepo. Ndalamazo sakupatsa m'manja pa kauntala. Zimabwerera kumene zinachokera, pamenepa ku khadi la ku banki la mwana wawo, ndipo zimatenga masiku. Tikiti ikakhala kuti inagulidwa kudzera kwa ejenti, nthawi zambiri ndalama zimadzeranso kwa ejentiyo. Kenaka uyenera kugula tikiti ina pa mtengo wa tsiku lomwelo, pakati pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, pamene aliyense akupita kumudzi. Anangoti, "Iyayi, imeneyo isiyeni."

Ya Loweruka tinaiwerengera limodzi pa zala. Ulendo wa pa ndege ndi wa maola awiri ndi theka pafupifupi, ndiye imakatera cha m'ma hafu pasiti 12 masana. Onjezanipo ola la mapasipoti ndi katundu. Bwalo la ndege la Kamuzu lili ku Lumbadzi, kumpoto kwa mzinda, choncho uyenera kudutsa Lilongwe yense, kudutsa Dedza, maola atatu kapena kuposerapo usanafike pa boma la Ntcheu, ndiye mudzi wawo uli kutsogolo. Akanafika dzuwa litapendeka, anthu atabwerako kale ku manda.

Inatsala ya pakati ija, ndipo apa ndi pamene ndinagwa. Ndinati, "Iyi akuti mudikirire ndege ya mawa."

Taonani chiganizo chimenecho, aphunzitsi anzanga. Mwana akanalemba chomwecho pa mayeso ndikanamuchongera. Mu liwu lija mulidi kudikira. Koma kwa munthu wa Chichewa, kudikirira ndege ya mawa ndi chimodzimodzi kudikirira basi ya mawa: ibwera, ukwera. Amayi aja anati, "Basi, yomweyo." Anaimbira mdzukulu wawo kumudzi kuti apeze galimoto ikawachingamire ku Lumbadzi mawa masana, ndipo ndinamva pa foni anthu akuuzana kuti afika mawa. Ine ndinakhala phee, wokhutira ndi ntchito yanga.

Anatitulutsa kudzera kwa a zolowa ndi zotuluka, tinakaima pa mzere wa kauntala kwa ola ndi theka. Titafika, ndinauza mtsikana wa pa kauntala kuti amayiwa asankha ya Lachisanu. Anagogoda pa kompyuta n'kutulutsa kapepala kokwerera ndege. Ndinakayang'ana mwachizolowezi chabe, ngati m'mene timayang'anira dzina pa pepala la mayeso. Pamalo polemba nambala ya mpando panalibe nambala. Panali zilembo zitatu: SBY.

Thukuta linandituluka. Ndinafunsa mtsikanayo kuti mpando uli kuti. Anandiyankha mosabisa kuti ndege ya Lachisanu ndi yodzaza. Amayiwa akhala pa mndandanda wa anthu oyembekezera, ndipo adzakwera pokhapokha wina amene ali ndi mpando atapanda kubwera. Zimenezi zimadziwika kauntala ikatsekedwa, patatsala mphindi zochepa kuti ndege inyamuke. Ndinafunsa kuti pa mndandandapo pali anthu angati. Anati ambiri, pafupifupi aliyense wa pa mzerewu wasankha yomweyo. Ndinafunsanso ngati mpando wa Loweruka uwasungikira akalephera mawa. Anati sangalonjeze, chifukwa mipando ya Loweruka ikupita kwa amene akuisankha panopa.

Kunena zoona, ndinaganizapo zongokhala chete. Mwina akanakwera. Munthu wamkulu, mphunzitsi wa chiyankhulo, kuvomera pa gulu kuti wanama si chinthu chapafupi. Koma ndinatembenuka.

"Amayi, pepani, ndinakumasulirani molakwa. Mawa mulibe mpando. Akulembani pa mzere wa anthu odikira kuti mwina wina ajomba. Mukhoza kukwera, mukhozanso kutsala, ndipo mukatsala mwina ndi Loweruka lomwe mulibe malo."

Anakhala kaye chete. Kenaka anati, "Ndiye kuti ndi fodya wa pachala ameneyu, aphunzitsi."

Ndinachita manyazi ndi kusangalala nthawi imodzi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Mayi wa Sitandade 3 anamasulira mawu awiri aja kuposa ine. CONFIRMED ndi fodya wa pamphuno, STANDBY ndi wa pachala. Kuyambira tsiku limenelo ndimati "mpando wotsimikizika" ndi "kudikira mwayi", ndipo liwu loti mwayi sindilisiya.

Tsono titani? Anthu kumbuyo anayamba kung'ung'udza. Apa ndi pamene chinandithandiza si Chingerezi, koma kudziwa msewu wa M1. Mtsikana uja ankaona pa kompyuta kuti amayiwa akupita ku LLW, chomwe ndi chizindikiro cha bwalo la ku Lilongwe. Sankadziwa, ndipo sakanadziwa, kuti Lilongwe si kumene akupita. Akupita ku Ntcheu, ndipo Ntcheu ali pakati pa Lilongwe ndi Blantyre. Wotsikira ku Chileka, n'kudzera ku Zalewa, amafika msanga kuposa wochokera ku Lumbadzi.

Ndisanafunse ndinayamba ndawauza amayi aja chimene ndikufuna kufunsa, chifukwa ulendo ndi wawo, si wanga. Anavomera. Ndinafunsa ngati pali mpando wotsimikizika mawa wopita ku BLZ, ku Blantyre, ndipo ndinafotokoza kuti ndi za maliro. Mtsikanayo anagogodanso, anaimba foni kwa abwana ake, n'kunena kuti mipando ilipo iwiri, ndipo popeza ulendo waulepheretsa ndi iwowo, asintha popanda kulipiritsa. Koma anachenjeza kuti udindo wawo uthera ku Chileka, za pa msewu n'zawo amayiwa. Ndinamasulira zonse, chenjezo lomwe. Njira imeneyi mu uthenga uja munalibe. Uthenga umalembedwa umodzi wa anthu onse, koma munthu wa pa kauntala amaona zambiri kuposa zimene zalembedwa, ukadziwa chomufunsa. Sikuti nthawi zonse amalola kusintha mzinda, koma kufunsa n'kwaulere.

Kapepala katsopano kanatuluka. Pa mpando panalembedwa 21C. Ndinawalozera ndi chala kuti aone okha kusiyana kwake ndi koyamba kaja.

Nditapsa kamodzi, sindinafunenso kudalira "mwamva?" ndi "eya". Aphunzitsi tonse tikudziwa kuti kalasi yonse imayankha "eya" ngakhale sinamve kanthu. Ndinati, "Amayi, tandiuzani inuyo, mawa muchita chiyani?" Anayamba bwino: hotela, basi ya hotela 6 koloko m'mawa, kauntala. Kenaka anati, "Ndiye katundu ndikamupeza ku Lilongwe." Pamenepo panali dzenje lina. Ndikanapanda kuwafunsa kuti abwereze, sitikanaliona.

Tinabwereranso kwa mtsikana uja. Chikwama chawo chinali ndi kalata ya LLW yomata pa chogwirira, ndipo makina a katundu amawerenga kalatayo, sadziwa zimene mwagwirizana pa kauntala. Anatiuza kuti katundu wa ndege yathu amutulutsa, tikatenge pa lamba, mawa tidzamupereke mwatsopano. Zinakhala bwino, chifukwa ndi pomwe anaulula kuti mankhwala awo a bipi ali m'chikwama chomwecho. Ana anga, mukamaperekeza makolo, mankhwala aziyenda m'kachikwama ka m'manja.

Chinanso chimene tinayang'ana ndi chidindo cha mu pasipoti. Kugona usiku wina m'dziko la eni ndi tsiku linanso pa masiku amene anakupatsa. Kuyambira mu 2014, malamulo a ku South Africa amati wopitirira masiku ake, ngakhale ndi ochepa, akhoza kuletsedwa kulowanso kwa chaka chathunthu. Kwa gogo amene wasiya kamdzukulu ka masabata atatu, chimenecho si chilango chaching'ono. Awo anali ndi masiku mpaka pa 2 Januwale, ndiye mtima unakhala pansi. Akanakhala kuti atha tsiku lomwelo, tikanayenera kukaonana ndi a zolowa ndi zotuluka tisanapite ku hotela, titanyamula kalata ya kampani yotsimikiza kuti ulendo unalephereka.

Tikudikira basi ya hotela, bambo wina wovala bwino anayamba kuuza anthu kuti kampani iyenera kutilipira ndalama zambiri, ndi lamulo, iye analandirapo ku Ulaya. Amayi aja anandikoka malaya kuti ndiwamasulire. Ndinamasulira zimene bamboyo ananena, koma ndinanenetsa kuti awa ndi mawu a bamboyo, si a kampani. Lamulo lotero liliko ndithu. Linakhazikitsidwa ku Ulaya mu 2004, limadziwika ndi nambala 261, ndipo dziko la Britain linalisunga litatuluka mu mgwirizano wa maiko a ku Ulaya. Inu amene muli ku Manchester ndi ku Leeds, mayi anu akanyamukira kumeneko pa ulendo wautali ngati wobwera kuno, n'kufika mochedwa ndi maola oposa anayi chifukwa cha vuto la kampani, osati nyengo, akhoza kupempha mapaundi 520. Koma ulendo wochoka ku Joni kupita ku Malawi lamulo limenelo siliukhudza. Chimene tinali nacho m'manja ndi mavocha awiri, la chakudya ndi la hotela. Ndinawauza kuti vocha si ndalama, sabweza chenji, ndipo zakumwa za mu kafiriji ka m'chipinda asazikhudze. Anaseka koyamba tsiku limenelo.

Usiku ku hotela ndinang'amba pepala m'kope langa n'kulemba m'Chichewa, zilembo zikuluzikulu: tsiku, nthawi ya basi, nthawi yokwera, mpando 21C, ndi mawu oti "Chileka, osati Lilongwe". Kuseri kwake ndinalemba m'Chingerezi ziganizo ziwiri zoti akasochera angoonetsa wa yunifolomu aliyense. Kenaka tinaimbira mdzukulu uja. Ndinapempha kuti ndiyankhule naye ndekha, ndinamuuza kuti uthenga woyamba uja ndinalakwitsa ndine, galimoto ipite ku Chileka. Anali atalipira kale theka la mafuta, koma mwini galimoto anavomera kungotembenuza ulendo.

M'mawa ndinawaperekeza pa kauntala. Ndinachotsa ndekha kalata yakale ija pa chikwama, ndipo yatsopano itamatidwa tinaiwerenga tonse awiri: B, L, Z. Pa khomo la mapasipoti anandigwira dzanja ndi manja awiri. Anati, "Mukanapanda kubweza mawu aja, aphunzitsi." Sanamalize, analowa.

Ine ndinatenga mpando wa Loweruka, sindinkathamangira kanthu. M'ndegemo ndinakhala moyandikana ndi mnyamata uja wa hafu pasiti thu. Anadikira mwayi Lachisanu, sanakwere, ndipo wa Lowerukawo anaupeza movutikira. Lamulungu madzulo foni yanga inalira. Anali amayi aja. Anafika Lachisanu dzuwa lisanalowe, anagona pa siwa ndi abale awo, ndipo Loweruka anaona nkhope.

Teremu itatsegulidwa ndinasinthako kaphunzitsidwe. Kamodzi pa sabata sindipereka ndime ya m'buku. Ndimalemba pa bolodi chidziwitso ngati chija, kapena malangizo a pa botolo la mankhwala. Mwana mmodzi amamasulira, mnzake amene sanaone Chingerezicho amanena chimene achite mawa. Akanena zolakwika, malikisi amachotsedwa kwa womasulira, ngakhale liwu lililonse litakhala lolondola. Ana amadandaula kuti si chilungamo, wolakwa ndi womverayo. Ndimawauza nkhani ya 21C.

Aphunzitsi anzanga a Chichewa, tayesani m'makalasi mwanu liwu lija la pachala, muone kuti ndi ana angati amene alembe kuti "mudikirire ndege ya mawa". Kwa ine anali oposa theka, ndipo sindinawakalipire.